Kulembera bwana amene sanamvepo za usipa wako

Malonda a nsomba pa Chipoka amayenda ndi nkhope. Wopikula amatsika minibasi pamsewu wa M5, kulowera kugombe, kutapa usipa pathandala, kuununkhiza, kutafuna umodzi, ndiye n'kuyamba kunenerera. Akakhala wachilendo pamapezeka womuperekeza amene amati, "Awa ndi anzathu, muwaone bwino." Mawu ochepa amenewo ndi amene amatsitsa mtengo, nthawi zina n'kutsegula ngongole.

Ife amene tinayamba kulongedza usipa wouma m'mapaketi kuti ukafike m'masitolo ndi m'mahotela a ku Lilongwe tinapeza kuti kumeneko kulibe wotiperekeza. Chimene chilipo ndi adiresi ya imelo ndi munthu wotanganidwa amene sanamvepo dzina lathu. Mwina Chipoka yemweyo amangomudziwa kuti ndi doko la ku Salima kumene njanji imakumana ndi nyanja. Munthu ameneyu sangaununkhize usipa pa foni. Akatsegula kalata yako amakhala ndi mantha awiri: kuti mwina ndiwe mmodzi wa akamberembere amene amatumiza mauthenga achinyengo, kapena kuti ndiwe woona koma udzabweretsa katundu kawiri basi n'kuzimiririka. Ndaona kuti imelo yoyamba ntchito yake ndi kuchotsa mantha amenewa ndi kupempha kanthu kamodzi kakang'ono. Kugulitsa kwenikweni kumabwera pambuyo.

Ntchito yaikulu imachitika usanalembe liwu lililonse. Makampani ambiri amaika poyera adiresi yoyamba ndi info@, ndipo bokosi limenelo limatsegulidwa ndi aliyense kapena silitsegulidwa n'komwe. Ndi bwino kutaya mayunitsi pang'ono kuimbira foni ku ofesi yawo ndi kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi amene amaona zogula zakudya zouma ndani, ndipo ndingawalembere pa imelo iti?" M'sitolo yaikulu amakhala wogula katundu amene ali kulikulu, osati manijala wa nthambi amene umamuona pakhomo. Mu loji yaing'ono ya ku Senga Bay amakhala mwini wake kapena mkulu wa kukhitchini. Ufunsenso kalembedwe ka dzina lawo. Munthu ukamulakwitsira dzina pamzere woyamba, zotsalazo amaziwerenga ndi diso lina.

Ngati kuli kotheka, ulowe m'sitolo yawoyo ndi kuyang'ana pashelefu. Pali nsomba zanji, m'mapaketi aakulu bwanji, pa mtengo wanji? Zimene waona ndi maso akozo ndi zimene zidzasonyeze kuti kalatayo walembera iwowo, si imene wamwaza kwa anthu makumi asanu. Ndipo pankhani yomwazayi, chonde, osaunjika maadiresi a masitolo onse pamzere wa To kapena Cc. Aliyense amaona kuti walemberanso anzake amene amalimbirana nawo makasitomala, ndipo makina a imelo amakonda kuponya makalata otere mu Spam.

Chinthu china chimene anthu akunyanja kuno timachipeputsa ndi dzina limene limaoneka kwa wolandira. Ambiri tinatsegula Gmail tili anyamata, pa dzina lachibwana kapena la timu ya mpira. Kutsegula adiresi ina ya dzina la bizinesi n'kwaulere. Wolandira asanawerenge chilichonse amaona zinthu ziwiri, dzina la wotumiza ndi mutu wa pa Subject, ndipo pa foni mutuwo umaduka pakangotha mawu ochepa. Choncho mawu onena katundu akhale koyambirira. Mutu wakuti "Moni" kapena "Pempho" umamveka ngati wa munthu wofuna ntchito kapena chithandizo.

Nayi kalata ya mtundu umene ndimatumiza. Kumaofesi ambiri imapita m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi omwewa.

Mutu: Usipa wouma wa m'mapaketi wochokera ku Chipoka

Mayi Uje,

Dzina lanu andipatsa a ku ofesi kwanu, ati ndinu amene mumaona zogula zakudya zouma. Sabata yatha ndinalowa m'sitolo yanu ndipo ndinaona kuti pashelefu ya nsomba pali matemba ndi kapenta koma palibe usipa.

Ine ndimaumitsa ndi kulongedza usipa ku Chipoka, m'boma la Salima. Timaufutsa tsiku lomwe wavuulidwa, kuuyanika pathandala osati pamchenga, ndi kuulongedza m'mapaketi a magalamu 250. Tingathe kupereka mapaketi 200 pa sabata. Nthawi ya mwera, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndingalonjeze 100 okha. Bizinesi yathu ndi yolembetsedwa ndipo tili ndi TPIN.

Lachinayi likudzali ndidzakhala ku Lilongwe. Kodi mungandilole kudzakusiyirani mapaketi awiri kuti muone ndi kulawa? Mukangondiuza nthawi, ndifika.

Pansi pake pamabwera dzina langa lonse, dzina la bizinesi, Chipoka, ndi nambala ya foni imene ili pa WhatsApp. Basi.

Wina angadabwe kuti moni uli kuti. Ife Amalawi sitiyamba nkhani tisanafunse za kunyumba, ndipo chala chimayabwa kuti chilembe ndime yathunthu yofunira bwana moyo wabwino. Koma munthu amene sakukudziwa akaona mizere itatu ya moni amayamba kukonzekera kupemphedwa ndalama. Ulemu mu kalata iyi uli poitana munthu ndi dzina lake, kumuuza kumene walitenga, ndi kusamutayira nthawi. Moni weniweni mudzapatsana Lachinayi.

Mzere umene anzanga amatsutsana nane kwambiri ndi wa mwera. Amati ukudziipitsira wekha malonda, bwanji osangolemba kuti tili ndi usipa wambiri chaka chonse? Vuto ndi lakuti zimenezo si zoona, ndipo wogula wodziwa nsomba amadziwa kuti si zoona. Usipa umaphedwa usiku ndi chilimira, asodzi ataukopa ndi nyali. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikopa bwino, ndipo mwera ukakunda mabwato sapita panyanja. Masiku otere usipa pagombe umachepa, mtengo wa chigoba n'kukwera. Kumbukiraninso kuti nsomba ikauma imapepuka kwambiri. Mapaketi 200 a magalamu 250 ndi makilogalamu 50 a usipa wouma, ndipo kuti uwapeze umafunika wauwisi wolemera katatu kapena kanayi kuposa pamenepo, sabata iliyonse, kaya mwezi ukuwala kaya ayi. Nambala yolemba mu kalata ndi imene ungaikwanitse pa sabata yovuta. Walira mvula walira matope: oda yaikulu imene wailephera kawiri imatseka khomo limene kalata ina siidzatsegulanso. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mzere wa mwerawu ndi umene umatsimikizira wowerenga kuti wolembayo amakhaladi kunyanja. Wachinyengo salemba za malire ake.

Mapepala nawonso atchulidwe monga alili. Ngati bizinesi inalembetsedwa ndipo TPIN ya MRA ilipo, nena. Masitolo akuluakulu amafunsa chiphaso cha Malawi Bureau of Standards pa chakudya cha m'mapaketi. Ngati ulibe, osanamizira kuti chili m'njira pamene sunapite n'komwe. Lembera kaye magolosale, malesitilanti ndi maloji ang'onoang'ono amene angagule atalawa, kwinaku ukulondola chiphasocho. Kusankha bwino wolembera kumapulumutsa makalata ambiri kuposa kusankha mawu okoma.

Mtengo sindiulemba mu kalata yoyamba. Wa usipa umasintha ndi nyanja, wa transipoti umasintha ndi mafuta, ndipo kuchoka ku Chipoka kudzera pa Salima kukwera mpaka ku Lilongwe ndi ulendo wopitirira makilomita 100. Nambala imene walemba lero adzakugwira nayo miyezi iwiri ikubwerayi. Akafunsa, ndiye umatumiza kotesheni yokhala ndi deti ndi tsiku limene mtengowo udzathere mphamvu, yonenanso ngati akalandirira ku Lilongwe kapena adzatenga okha. Pamenepo m'pamene umafunsanso kuti amalipira pakatha masiku angati, poti msodzi pagombe amafuna ndalama yake pompopompo pamene masitolo ambiri amalipira invoisi mochedwa.

Zithunzi nazo zimanyenga. Gmail imalola kumata zinthu zofika 25 MB, koma zimenezi sizitanthauza kuti uzidzaze. Zithunzi khumi zimadya bandulo yako, zimachedwa kutseguka, ndipo anthu ambiri a m'maofesi anachenjezedwa kuti asamatsegule zomata zochokera kwa munthu wosamudziwa. Chithunzi chimodzi cha paketi, chojambulidwa masana pamalo aukhondo, n'chokwanira. Ngakhale popanda chithunzi kalata imayenda, chifukwa chimene ukupempha ndi kuti aone usipa weniweniwo.

Pempho la kumapetoli ndi limene limanyamula kalata yonse. Ukalemba kuti ukufuna kukhala nawo pa ubale wa malonda, munthuyo sadziwa choyankha, ndiye amaisiya kuti adzaionanso. Ukapempha oda, ayenera kufunsa akuluakulu ake. Koma kulandira mapaketi awiri Lachinayi angathe kuvomera yekha ndi mawu atatu ali pamzere ku banki. Tsiku limene watchulalo ulisunge, ngakhale atakhala kuti ndi yekhayo amene wayankha.

Kalata ikapita, makalata ambiri otere sayankhidwa, ndipo kukhala chete kuli mitundu. Ngati pakangotha mphindi zochepa wabwereredwa uthenga wakuti Address not found, adiresi ndi yolakwika, imbanso foni ufunse chilembo ndi chilembo. Ngati palibe chabwerera, kalata inafika, koma mwina ili mu Spam kapena inakwiririka ndi zina. N'chifukwa chake ndimatumiza m'mawa pakati pa sabata, osati Lachisanu madzulo. Netiweki ikakhala yabwino usiku, Schedule send imasunga kalatayo mpaka nthawi imene wasankha. Pakatha masiku anayi kapena asanu a ntchito ndimayankha pa kalata yomwe ija, kuti yoyambayo ionekere pansi, ndi mizere iwiri yokha yobweretsa chatsopano, monga kuti sabata ino tavuula wabwino ndipo ndikubweranso m'tauni. Foni imodzi yofunsa ngati anailandira si yolakwika. Kupitirira apo ndi kuvutitsa munthu, ndipo ogula katundu a mu Lilongwe amadziwana.

Amene wayankha kuti pakali pano ali ndi wowapatsa kale usamuone ngati wakukana. Muthokoze, ndi kumufunsa ngati ungadzamulemberenso. Lemba dzina lake ndi deti m'kope, ndipo udzamukumbuke mu Julayi mwera ukavuta, ngati iwe unasungako usipa wouma bwino, chifukwa ndi nthawi imene mashelefu amakhala opanda kanthu. Koma amene wanena kuti usadzamulemberenso, mufufute m'kope tsiku lomwelo.