Funso Limene Limafika Pansi pa Mphika

Ife a kuno ku Mponela tinakulira mu mtedza. Mwezi wa Meyi ukafika, matumba a Chalimbana ndi CG7 ochokera m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amadzaza m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo m'midzi mitondo imalira mpaka dzuwa kulowa. Nkhwani wopanda nsinjiro timauyesa waumphawi, futali wopanda nsinjiro sitimutcha n'komwe futali. N'chifukwa chake zimativuta kumvetsa kuti pakati pathu pali anthu ena, ochepa ndithu, amene kachidutswa ka njere imodzi ya mtedza kangawachotsere moyo pasanathe ola limodzi.

Pa madrasa pamene timaphunzitsa pali mtsikana wa zaka 9 amene ali ndi vuto limeneli. Zaka zimene takhala tikumuyang'anira mothandizana ndi makolo ake zatiphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu: funso lakuti "kodi muli mtedza?" siliteteza munthu. Limene limateteza ndi lofunsa njira imene chakudya chadutsa, kuyambira m'thumba kufika m'mbale.

Tiyambe ndi dzina la vutoli, pakuti dzinalo limanamiza. Timati ziwengo, ndipo womva amaganiza za tizilonda toyabwa timene timatha tokha. Ena amaganiza kuti mwanayo anadya mtedza wa chuku, ndiye amalonjeza kuti wawo ndi wosankhidwa bwino. Koma izi ndi nkhani ziwiri zosiyana. Poizoni wa chuku amavulaza aliyense, kawirikawiri pang'onopang'ono. Ziwengo zimabwera ndi mtedza wabwinobwino: chitetezo cha m'thupi la munthuyo chimaona mapuloteni a mu mtedza ngati mdani, n'kudzuka ndi mphamvu yopyola muyezo. Milomo ndi zikope zimatupa, khungu limatuluka zidzolo, mawu amasasa, pakhosi pamathina, munthu amasanza kapena kukomoka. Izi zimayamba pakangopita mphindi zochepa, mwina mpaka maola awiri. Moto sumapha mapuloteni amenewa. Kuwiritsa kapena kukazinga sikuthandiza. Ndipo ziwengo zikabwera mofatsa ulendo uno, sizitanthauza kuti ulendo wotsatira zidzateronso.

Tsono tilowe m'sitolo. Ife Asilamu tinazolowera kutembenuza paketi ndi kufunafuna chizindikiro cha halali, ndipo chizolowezi chimenechi n'chothandiza. Koma chizindikiro cha halali chimayankha funso lina: mtedza ndi halali, mkaka ndi mazira chimodzimodzi. Nachonso chizindikiro cha bungwe la MBS chimanena za miyezo ya kapangidwe, sichilonjeza kuti m'katimo mulibe chimene chimamuwenga mwana wanu. Choyenera kuwerenga ndi mndandanda wa zosakaniza, wonse, kufika pa mzere wotsiriza. Mtedza umalembedwa ndi mayina awiri a Chingerezi, lina lomveka kuti pinati, lina gilaundinati, ndipo pa mankhwala ena odzola mafuta ake amatchedwa arakisi. Ndi bwino kupempha wa zachipatala kuti alembe mayina atatuwa pa kakhadi monga momwe amalembedwera pa mapaketi, kuti ngakhale agogo osadziwa Chingerezi azitha kufananiza zilembo.

Katundu wambiri m'masitolo mwathu amachokera ku South Africa, kumene malamulo a mu 2010 amakakamiza opanga zakudya kutchula poyera zakudya zowenga anthu ambiri, monga mtedza, soya, mkaka, mazira, nsomba ndi tirigu. Pansi pa mndandanda pamakhalanso nthawi zina chenjezo lakuti mwina muli timbenembene ta mtedza, chifukwa makina omwewo amapanganso zina. Kwa mwana wathuyu chenjezo lotere timalitenga ngati likunena kuti mulimo. Mabisiketi, chokoleti ndi maswiti ndizo zimakhala ndi chenjezoli kawirikawiri. Timawerenganso paketi ulendo uliwonse, ngakhale ya bisiketi imene anadya mwezi watha, chifukwa makampani amasintha zosakaniza osasintha maonekedwe a pepala.

Chovuta kwambiri ndi katundu wopanda pepala, amene ndiye wambiri pa msika wathu. Mabisiketi ochotsedwa m'katoni n'kuikidwa m'botolo, ufa wa phala womangidwa m'timajumbo, mafuta ophikira oyezedwa m'timapepala ta pulasitiki: zonsezi zinasiya mbiri yake kumbuyo. Mafuta a mtedza oyengedwa kwambiri m'mafakitale aakulu amatsala ndi mapuloteni ochepa zedi, koma ofinyidwa pa makina ang'onoang'ono amakhala nawo ndithu, ndipo makina amene afinya mpendadzuwa lero angakhale anafinya mtedza dzulo. Choncho banjali limagula mafuta a m'botolo lomata, lolembedwa chimene anapangira. Kuchigayo nakonso amafunsa ngati wina wangogayitsa chimanga chosakaniza ndi soya ndi mtedza, monga amachitira amayi okonza phala la ana.

Tifike tsopano pa lesitilanti, pamene palibe chowerenga koma munthu wofunsa. Tsiku lina tinatenga ana angapo kupita nawo ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 60, ndipo tisanakwere minibasi tinalowa m'kanyumba kena kodyera pafupi ndi siteji. Pa bolodi panalembedwa mpunga, nsima, nkhuku, nyemba ndi chipisi. Mtedza sunatchulidwe paliponse. Sitinafunse mnyamata woperekera zakudya, pakuti iye amadziwa mitengo, osati zam'mphika. Tinapempha kuonana ndi mayi wophika, ndipo tinasankha kulankhula anthu asanachuluke.

"Mayi, pepani takuchotsani pamoto. Mwana uyu akalawa mtedza ngakhale pang'ono chabe, pakhosi pake pamatseka, timathamangira naye kuchipatala. Tithandizeni kusankha chimene angadye."

Mawu amenewa tinawasankha dala. Mukanena kuti "sadya mtedza", womva amayesa kuti mwanayo saukonda kapena akusala, ndiye amangochotsa zooneka ndi maso. Mukatchula pakhosi ndi chipatala, amaima n'kumvetsera.

"Musadandaule a Mwalimu, nkhuku yathu mulibe mtedza," anatero mayiwo, ndipo ananena zoona. Apa ndi pamene ambiri amalekera. Ife tinapitiriza, funso limodzi pa nthawi.

Loyamba: m'khitchinimu muli nsinjiro kapena chiponde lero? Anati inde, atendera mpiru. Lachiwiri: chipande chomolera mpiru ndi cha nkhuku n'chimodzi? Anaseka pang'ono n'kuvomera kuti anthu akachuluka, dzanja limatola chimene chili pafupi. Lachitatu: msuzi wa nkhuku amaulimbitsa ndi chiyani, ndipo amathiramo zokometsera ziti? Anatibweretsera paketi ya zokometserayo, tinaiwerenga, munalibe kanthu. Koma anawonjezera okha kuti tomato akadula mtengo, nyemba amazithira kansinjiro kuti msuzi ugwire. Lachinayi: mafuta a chipisi ndi a chiyani, ndipo akazingiramonso chiyani? Anali a m'chigubu chopanda pepala, ndipo iwo sanadziwe kumene anafinyidwa.

Mafunso anayi anachotsa nyemba, mpiru, chipisi ndi nkhuku ya mumphika waukulu. Panatsala mpunga woyera wophikidwa ndi madzi ndi mchere, umene unali usanatsegulidwe, ndi mazira owiritsa a m'chikamba chake. Mayiwo anatsuka mbale ndi supuni ndi sopo, anasambanso m'manja, n'kumuomolera mwanayo poyamba ena onse asanalandire. Sopo ndi madzi ndiye amachotsa mapuloteniwa. Kutsukuluza m'beseni la madzi a mbale zonse sikukwanira, ndipo mankhwala opaka m'manja ophera tizilombo sawachotsa. Tinawonjezera nthochi zosasenda, mwana anakhuta.

Yankho labwino limazindikirika. Wophika amene akuti "dikirani ndikaone paketi", kapena "chimenecho sindikudziwa", ndi wodalirika kuposa amene akuyankha msangamsanga kuti zonse zili bwino asanamve n'komwe funso. "Ndi pang'ono pokha" ndi "tichotsa pamwambapa" ndi mayankho otiuza kuti tinyamuke. Pa chiwaya cha pamsewu, pamene mafuta amodzi amakazinga zonse tsiku lonse, komanso pa phwando pamene anthu amadzitengera okha ndipo zipande zimasinthana miphika, sitifunsa n'komwe. Mwanayo amadya chimene amayi ake anamulongedzera.

Kovuta kuposa ku lesitilanti ndi kwa abale, pa ukwati, pa sadaka, kapena pomasula swaumu m'mwezi wa Ramadani, pamene mbale zimachokera m'makomo ambiri ndipo palibe amene akudziwa zonse. Kukana chakudya kwathu kuno kumaoneka ngati kukayikira mwini nyumba. Agogo amene amati "alaweko pang'ono, thupi lizolowera" amanena mwachikondi, koma njira imeneyo ndi yoopsa kuiyesa pakhomo. N'zoona kuti mwa ana asanu alionse owengedwa ndi mtedza, pafupifupi mmodzi vutoli limamuthera akamakula, koma woyeza zimenezo ndi dokotala, pamalo pamene pali mankhwala. Chimene chimathandiza ndi kutumiza mawu kudakali masiku, osati pamene mbale yafika kale pamphasa, ndi kupempha kuti mwanayo apatsidwe yakeyake m'malo modyera limodzi ndi anzake. Ngakhale kuchipatala kuyenera kunenedwa, pakuti chiponde chimene amapereka kwa ana onyentchera chimapangidwa ndi mtedza ndi mkaka wa ufa.

Mafunso onsewa amachepetsa ngozi, saithetsa, choncho tsiku loipa liyenera kukonzekeredwa. Mawu akasasa, mpweya ukayamba kuvuta, lilime likatupa, kapena mwana akafooka mwadzidzidzi atangodya, mankhwala opulumutsa ndi jakisoni wa adirenalini wobayidwa pa mnofu wa kunja kwa ntchafu. Piritoni amachepetsa kuyabwa kokha, satsegula pakhosi, ndipo kudikira kuti agwire ntchito kumadya nthawi. Wodwalayo agonekedwe chagada miyendo itakwezedwa, kapena akhale tsonga ngati akubanika, koma asaimirire kapena kuyenda yekha. Atengedwe msanga kupita ku chipatala chapafupi, ndipo ngakhale atapeza bwino akhalebe komweko maola angapo, chifukwa zizindikiro zimatha kubwereranso.

Pa khoma la chipinda chathu chophunzirira tinapachika pepala lokhala ndi zizindikiro zimenezi, manambala a foni a makolo, ndi a anthu awiri a njinga zamoto amene angatifikitse ku chipatala cha Mponela. Anzake a mtsikanayo amasamba m'manja ndi sopo akadya mtedza wokazinga pa nthawi yopuma, ndipo amadziwa kuti kwa iye sagawana kamba. Iye mwini, ngakhale ali wamng'ono, mafunso anayi aja anawaloweza pamtima, ndipo amawafunsa mwaulemu, mmodzi ndi mmodzi wa ophika, asanatambasule dzanja.