Kalata ya khanda isadikire kutuluka m'chikuta

Ife amene tinabadwa Phalombe idakali mbali ya boma la Mulanje, chisanafike chaka cha 1998, tinalandiridwa padziko ndi anthu, osati mapepala. Ambiri tinabadwira m'manja mwa azamba. Mayi ndi khanda ankabindikira m'chikuta kufikira mchombo utagwa, dzina n'kubwera pambuyo, akuluakulu a banja atagwirizana. Umboni woti mwana wabadwa unali pakamwa pa anamkungwi ndi amfumu, ndipo pepala loyamba lotchula dzina lake linali khadi la kusikelo kapena la ubatizo. Lero zinthu zinatembenuka. Boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, lamulo la kalembera wa nzika linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo kuyambira mu 2015 kulembetsa mwana aliyense wobadwa n'kokakamiza. Kwa wantchito amene abwana ake anamulowetsa mu sikimu ya zachipatala, monga ya MASM, pali pepala linanso: kalata yopempha ofesi yoona za ogwira ntchito kuti imuwonjezere khandalo. Ine ndikuti kalata imeneyi iyenera kulembedwa m'sabata yoyamba, mayi adakali m'chikuta, ndipo ofesi iyenera kuilandira ngakhale chiphaso cha kubadwa chisanatuluke.

Chifukwa chake chagona pa mmene masikimuwa amayendera. Mwana salowa yekha mu sikimu chifukwa choti mayi ake anachirira pa khadi lawo. Sikimu imadziwa okhawo amene analembedwa, ndipo imapereka nthawi yochepa yolembetsera khanda, kawirikawiri masiku 30 kuchokera tsiku lobadwa, ngakhale aliyense ayenera kuwerenga malamulo a sikimu yake. Wolembetsa nthawi isanathe, mwana wake amathandizidwa osadikiritsidwa. Wochedwa angauzidwe kuti mwanayo adikire kaye miyezi ingapo ngati membala wina aliyense watsopano, ndipo matenda amene apezeka asanalembedwe angawerengedwe ngati akale, amene sikimu siilipira msanga. Tsono masiku 28 oyambirira ndi amene moyo wa khanda umakhala pachiswe koposa. Chikasu chimaonekera m'masiku oyamba, mchombo umatukusira nthawi yomweyi, ndipo wobadwa masiku asanakwane amafuna chisamaliro kuyambira ola loyamba. Nthawi imene mwambo umati tikhale phee ndi yomweyo imene khadi lingafunike mwadzidzidzi.

Tiyerekeze kalaliki wa bungwe lina amene amagwirira ntchito ku Migowi, likulu la bungwelo lili ku Blantyre, mkazi wake n'kuchira pa 3 Meyi. Ngati sikimu ikupereka masiku 30, nthawi ikutha pa 2 Juni. Koma tsikulo ndi loti fomu ikhale itafika ku sikimu, osati loti pepala lingochoka m'manja mwake. Kalata imayamba yadutsa kwa mkulu wa nthambi, n'kupita ku likulu, kumene amadzaza kapena kusainira fomu ya sikimu, n'kuuzanso owerengera malipiro kuti ayambe kudula ndalama yowonjezera ya mwanayo. Kalaliki akadikira masabata awiri kuti dzina lidziwike, sabata ina n'kuthera kufunafuna chiphaso, kalata n'kukapeza woisainira ali kutchuthi, mwezi watha. Kalata yokhayo ndi yaifupi: dzina ndi nambala ya wantchito, nambala yake ya umembala, dzina la mwana, tsiku ndi chipatala chimene anabadwira, ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, pempho loti chithandizo chiyambire tsiku lobadwa, ndi chilolezo choti amudule pa malipiro. Aphatikizepo kope la pepala lochokera kuchipatala lotsimikiza kubadwako, asungenso kope la kalatayo lodindidwa tsiku limene yalandiridwa. Chizindikiro choti zatheka si mawu oti "talandira". Ndi dzina la mwana kuoneka pa mndandanda wa sikimu ndiponso ndalama yodulidwa kusintha pa pepala la malipiro. Mwezi ukatha pepalalo lili chimodzimodzi, adziwe kuti kalata yaima penapake, ayambe kulondola.

Wina anganene kuti zonsezi n'zachabe poti chipatala cha boma n'chaulere. Mfundoyi yakula mphamvu kuno chitsegulire chipatala chachikulu cha boma ku Migowi mu 2022, chimene anachitcha dzina la John Chilembwe. Kale boma lonseli linkadalira Holy Family, chipatala cha mishoni cholipiritsa, ngakhale mgwirizano wa boma ndi zipatala za CHAM unkathandiza kuti amayi oyembekezera ndi makanda asamalipire. Ndikuvomereza kuti kuchira, katemera ndi sikelo sizifuna khadi la sikimu. Koma aliyense akudziwa kuti mankhwala amatha m'zipatala za boma, munthu n'kulemberedwa pepala loti akagule ku famase. Ndipo khanda likatumizidwa ku Zomba kapena ku Blantyre, kholo lokhala ndi khadi lili ndi makomo angapo ogogodapo, pamene lopanda khadi lili ndi limodzi. Wantchito amene akudulidwa kale mwezi ndi mwezi n'kusiya mwana wake kunja akulipirira denga limene silikuphimba wofooka kwambiri m'nyumbamo.

Chotsutsa cholemera ndi cha mwambo, ndipo sindichipeputsa. Makolo athu sankathamangira kutcha dzina kapena kulengeza chifukwa anaika makanda ambiri m'manda, ndipo kukhala chete kunkateteza mtima wa mayi ndi thupi la mwana ku khamu la odzaona. Nzeru imeneyo ikadali yabwino. Koma kalata yopita ku ofesi si kulengeza pabwalo. Imawerengedwa ndi anthu awiri kapena atatu amene ntchito yawo ndi kusunga chinsinsi. Mayi safunika kutuluka m'nyumba. Ngati wantchito ndi bambo, kusintha kwa lamulo la ntchito kwa mu 2021 kunamupatsa tchuthi cha masabata awiri, ndipo tsiku limodzi mwa amenewo likwanira. Ngati ndi mayi, amene ali pa tchuthi chake cha masabata asanu ndi atatu, angathe kulemberatu kalatayo ali woyembekezera, n'kusiya malo a dzina ndi tsiku. Za dzinalo, banja lingagwirizane mwakachetechete la m'mapepala, poti fomu ya NR8 yolembetsera kubadwa imalifunanso kuchipatala komweko, la agogo n'kudzabwera pa nthawi yake. Chachikulu n'chakuti kalembedwe ka dzinalo kafanane pa mapepala onse, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chingabwezetse fomu.

Nawo a ku ofesi ali ndi nkhawa yawo: anthu ena amalembetsa ana a abale ngati awo, n'chifukwa chake amaumirira chiphaso cha NRB. Nkhawayo ndi yoona, pakuti sikimu ndi thumba la onse ndipo wonama amabera anzake. Koma chiphaso sichituluka pa liwiro la wantchito, ndipo lamulo lenilenilo limapatsa kholo masabata asanu ndi limodzi olembetsera kubadwa, nthawi yoposa masiku 30 aja. Kumuuza munthu wa ku Nambazo kapena ku Chiringa kuti ayambe wabweretsa chiphaso n'kumulanga chifukwa cha kuchedwa kumene sikuli kwake. Pepala la kuchipatala lili ndi chidindo, ndipo foni imodzi yokha ikwanira kulitsimikiza. Mvula ikadula misewu, monga inachitira namondwe Freddy mu Malichi 2023, chithunzi cha kalata chotumizidwa pa foni chiyenera kuwerengedwa kuti chafika tsiku lomwelo, pepala lenileni n'kutsatira.

Inu a ku ofesi, mumadziwiratu za mwanayu, poti pempho la tchuthi cha uchembere limadutsa m'manja mwanu. Pamene mukuvomereza tchuthicho, perekani fomu ya sikimu nthawi yomweyo, mutalembapo ndi cholembera kuti ibwerere pasanathe masiku angati mwana akabadwa.