Mthunzi wa ndodo ndi mankhusu a mpunga

Ophunzira athu akagwira foni ya makolo awo kumapeto kwa sabata, amakonda kutsegula mabatani awiri a mu kamera, lina lolembedwa Time-lapse, lina Slow motion. Pa foni za Samsung loyambalo amalitcha Hyperlapse, ndipo pa iPhone lachiwirilo limalembedwa SLO-MO. Makanema amene amatisonyeza Lolemba nthawi zambiri amakhala a mnzawo akuyenda mumsewu wa ku Songani, wina akuthamanga ngati nyerere, wina akuyenda ngati bilimankhwe. Timaseka nawo, koma timawauza kuti munthu woyenda ndiye chinthu chosayenera mabatani onse awiri, chifukwa maso athu amamuona bwino kale. Mabataniwa ndi a zinthu zimene diso limalephera: zochedwa kwambiri moti timayesa zaima, ndi zofulumira kwambiri moti zimatha tisanazione.

Kanema ndi zithunzi zambiri zodutsa motsatizana, kawirikawiri 30 pa sekondi iliyonse. Zonse zagona pa nambala imeneyi. Pa Time-lapse foni imajambula zithunzi zochepa, mwina chimodzi pa masekondi angapo, kenaka nkuzionetsa 30 pa sekondi, motero nthawi imafupika. Pa Slow motion imajambula zochuluka, 120 kapena 240 pa sekondi, nkuzionetsanso 30 pa sekondi, motero nthawi imatalika kanayi kapena kasanu ndi katatu. Foni sikuti imachedwetsa chinthucho. Imangotola zithunzi zimene diso likanaziphonya, kapena kutaya zimene diso likanatopa nazo.

Chinthu chimene ife timachikonda kuposa zonse pa Time-lapse ndi mthunzi wa ndodo. M'kalasi timaphunzitsa kuti nthawi ya swala ya Zuhur imalowa dzuwa likapendeka, mthunzi ukasiya kufupika nkuyamba kutalikanso. Ophunzira amaloweza zimenezi, koma ambiri sanazionepo, pakuti nsonga ya mthunzi wa ndodo ya mita imodzi imasuntha pafupifupi theka la sentimita pa mphindi. Palibe mwana amene angauyang'anitsitse kwa maola anayi. Foni ikhoza.

Titenge tsiku la mwezi wa Juni lopanda chiperoni. Kuno ku Domasi tili pa madigiri 15 kumwera kwa ikweta, ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho mthunzi wamasana umaloza kumwera. Zikani ndodo pabwalo losalala, iime chilili, itsale mita imodzi pamwamba pa dothi. Pa 10 koloko mthunzi wake udzakhala wotalika pafupifupi mita imodzi, wopendekera kumadzulo. Udzafupika mpaka masentimita 80 cha m'ma 11:40, osati pa 12 koloko monga ambiri amaganizira, chifukwa tili kummawa kwa mzere umene wotchi ya dziko lino imatsatira. Pofika 2 koloko udzakhala utakwana mita ndi kota, utapendekera kummawa. Nchifukwa chake musanayambe muonetsetse kuti kamera ikuona malo okwanira mbali zonse ziwiri za ndodo. Ambiri amaika ndodo pakati, nkuyandikira kwambiri, ndipo nsonga ya mthunzi imatuluka m'chithunzi nthawi isanathe.

Tsopano masamu ake. Kuchokera 10 koloko mpaka 2 koloko ndi maola anayi, amene ndi masekondi 14,400. Foni ikamatola chithunzi chimodzi pa masekondi 15 alionse, idzasonkhanitsa zithunzi 960. Gawani ndi 30, mupeza kanema wa masekondi 32. Umenewu ndi wokwanira kuonetsa kalasi kawiri kapena katatu popanda wina kuyasamula. Foni zina sizifunsa masekondi, zimangolemba liwiro monga 30x kapena 120x. Pamenepo gawani nthawi yojambula ndi nambalayo: maola anayi pa 120x amatuluka mphindi ziwiri, pa 30x amatuluka mphindi zisanu ndi zitatu, zimene palibe adzazionere mpaka kumapeto. Ya iPhone siifunsa kanthu, imadzisankhira yokha, ndipo kaya mwajambula theka la ola kaya maola anayi, kanemayo amakhala wa masekondi apakati pa 20 ndi 40.

Masamu ndi osavuta. Chovuta ndi kuisiya foni osaikhudza. Ikasuntha pang'ono chabe, m'kanema bwalo lonse limadumpha, ndipo wopenya sadziwanso ngati wasuntha ndi mthunzi kapena kamera. Dzanja silingathe ntchito imeneyi. Njerwa ziwiri pa desiki, foni itapanikizika pakati ndi kansalu, zimagwira bwino kuposa timiyendo totchipa timene timagwedezeka ndi mphepo. Desikiyo ikhale pakhonde, pamthunzi, chifukwa foni yojambula padzuwa imatentha nkudzizimitsa yokha, kawirikawiri pa nthawi yeniyeni imene mumaifuna. Dzulo lake pitani mukaone pamene mthunzi wa nyumbayo umafika masana, kuti usadzameze wa ndodo. Lumikizani pawabanki kuyambira pachiyambi, osati batire likatsala pang'ono, poti kulowetsa waya ndi kugwedeza komwe. Tsekani netiweki kuti wina asaimbe pakati pa ntchito. Ndipo pakhale munthu wamkulu wokhala pafupi. Foniyo ndi ya bambo kapena mayi a wina, ndipo mbuzi nazo sizidziwa kuti pabwalo pali phunziro.

Pali chinthu china chimene chimaononga makanema ambiri otere. Kamera ya foni imasintha yokha kuwala nthawi zonse. Kamtambo kakadutsa imawalitsa, kakachoka imadetsa. Pa kanema wamba sitizindikira, koma nthawi ikafupikitsidwa chithunzi chimaphethira ngati babu lakutha. Mankhwala ake, pa foni zambiri, ndi kudina pa sikirini pamene pali ndodo ndi kugwirabe chala mpaka patuluke kaloko kapena mawu akuti AE/AF LOCK. Zikatero kuwala sikusinthanso, ndipo kamera siyambanso kufunafuna poyang'ana. Mukaona kanema wanu akuphethira kapena akuchita chimbuuzi nkuyeranso, dziwani kuti sitepe imeneyi inadumphidwa.

Amene angabwereze ntchitoyi m'masiku oyamba a Novembala kapena a Febuluwale adzaona china. Masiku amenewo dzuwa limadutsa paliwombo penipeni pa Domasi, ndipo mthunzi umafupika mpaka kulowa pansi pa ndodo, nkutulukira mbali inayo. Kungoti mu Febuluwale mitambo siilola kawirikawiri.

Mitambo yokha ndi yosavuta. Imayenda msanga kuposa mthunzi, choncho imafuna chithunzi pa masekondi awiri alionse. Mphindi 20 mutalozetsa foni ku phiri la Malosa zimapereka zithunzi 600, kanema wa masekondi 20, ndipo mumaona nkhungu ikutsika m'chigwa ngati madzi. Ikani mtengo kapena denga m'munsi mwa chithunzi, chifukwa popanda chinthu choima kuyenda sikuoneka. A komiti akafuna umboni wa ntchito yachitukuko, monga makolo akututa njerwa kapena amisiri akukweza khoma, njira ndi yomweyi, ndipo theka la mphindi limanena zambiri kuposa zithunzi makumi awiri. Koma nyemba yomera m'chitini musaiyese ndi batani limeneli. Imatenga masiku, ndipo palibe foni imene ingaime sabata yathunthu. Pamenepo nkwabwino kulemba chizindikiro pamalo oika foni ndi kumajambula chithunzi wamba m'mawa ndi madzulo.

Slow motion ili ndi khalidwe losiyana. Siifuna kudikira, imafuna kuwala. Chithunzi chilichonse mwa 240 aja chimalandira kuwala kwa kanthawi kosapitirira gawo limodzi mwa magawo 240 a sekondi. M'kalasi, kapena dzuwa litalowa, kanemayo amatuluka wakuda, wodzaza timadontho ngati mchenga. Pansi pa magetsi pamabweranso vuto lina. Magetsi a dziko lino amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo mababu ambiri amathima nkuyaka maulendo 100 pa sekondi. Diso silizindikira, koma kamera yofulumira imagwira, ndipo kanema amatuluka akuthwanima kapena ali ndi mizere yoyenda. Foni siinaonongeke ayi. Tulukani nayo panja.

Panjapo, yang'anani mayi akupeta mpunga. Dzanja likaponya lichero m'mwamba, mpunga umakwera nkubwerera sekondi isanakwane, ndipo timangoona kuti mankhusu achoka. Pa 240, sekondi imeneyo imasanduka masekondi asanu ndi atatu. Mumaona njere zolemera zikubwerera m'lichero pamodzi, mankhusu opepuka akutsalira m'mwamba, mphepo nkuwatenga, ndi kadzanja kakang'ono kokokera lichero kumbuyo kamene wopetayo mwiniwake sangathe kukafotokoza ndi pakamwa. Kuti zioneke, imani pambali pake, osati kutsogolo kumene mankhusu akupita. Dzuwa likhale chakumbali kapena kumbuyo kwa mpungawo, ndipo kuseri kukhale kodera, monga mthunzi wa mtengo wa mango kapena khomo lotseguka. Mankhusu oyera pa khoma loyera saoneka. Dinani pa lichero musanayambe kuti kamera iyang'ane pamenepo. Ndipo musanatulutse foni m'thumba, pemphani kaye. Mayi ali pa ntchito pakhomo pawo si mitambo ya pa Malosa, ndipo akavomera kujambulidwa sindiye kuti avomeranso kutumizidwa pa gulu la WhatsApp.

Jambulani masekondi asanu okha. Amenewo ndi masekondi 40 oonera, ndipo akwana. Zithunzi zochulukazo zimadya malo: iPhone imalemba yokha kuti mphindi imodzi pa 240 imatenga pafupifupi 480 MB, pamene kanema wamba amatenga pafupifupi 60 MB. Mwana wojambula mpira wonse wa sukulu motere amadzaza foni theka loyamba lisanathe, ndipo bandulo yotumizira ndi ya makolo. Pa masewero sankhani kamphindi kamodzi: phazi likumenya penate, mpira wamanja ukuchoka m'zala, wodumpha akunyamuka pa mzere. Pa zimenezi 120 imakwana, ndiponso imatuluka yowala kuposa 240. Ya 240 isungireni madzi ogwa pa mjigo ndi mpunga wa m'lichero.

Mabatani onse awiri sasamala mawu. Time-lapse siijambula mawu nkomwe, ndipo Slow motion imawakoka nkukhala kubuula kosamveka. Tikunena izi makamaka kwa makolo amene mudzabwere pa tsiku lotsekera sukulu. Mwana wanu akaimirira kuti awerenge kapena alankhule, yang'anani kaye pansi pa sikirini kuti chala sichinasunthire pa batani loyandikana nalo, pakhale pa Video. Kuwerenga kumeneko sadzakubwerezanso, ndipo mawu amene foni sinawatole palibe katswiri wa ku Zomba kapena ku Blantyre amene angawabwezeretse.