Imelo imene ndinailemba katatu

Mu Julayi, pa tchuthi, bungwe limene ndinkaphunzirako ntchito linanditumiza ku Ngala, kumpoto kwa Dwangwa, kukalemba kuchuluka kwa usipa umene mabwato 40 amabwera nawo m'mawa. Lipoti linkafunika Lachisanu, chifukwa abwana anga ku Lilongwe anali ndi msonkhano Lachinayi la sabata yotsatira.

Kenako mwera unayamba. Mphepo imeneyi ikakalipa, asodzi amakokera mabwato kumtunda n'kumasoka makoka. Pofika Lachiwiri ndinali nditalemba mabwato 23 okha. Mnzanga amene ndinkagona naye nyumba imodzi anati, "Ungodzaza manambalawo, iwe. Adzabwera kudzawerenga ndowa ndani?" Ndinakana, komabe mumtima ndinkafuna kungokhala phee mpaka Lachisanu, n'kunamizira netiweki.

Usiku umenewo ndinalemba imelo katatu. Yoyamba inali kupepesa kokhakokha, yopanda tsiku latsopano. Yachiwiri inkati zonse zili bwino ndipo ndimaliza posachedwa, pamene nyanja inali kubangula kuseri kwa nyumba. Ndisanalembe yachitatu ndinayamba ndawerengera. Panatsala mabwato 17, ndipo m'mawa umodzi ndinkakwanitsa 6. Amenewo ndi masiku atatu, kuphatikiza limodzi lolemba lipoti. Loweruka sindinaliwerengere chifukwa ndi Sabata. Ndinatumiza iyi:

"Bwana, lipoti la ku Ngala silifika Lachisanu monga ndinalonjezera. Mwera waletsa asodzi kulowa m'nyanja kuyambira Lamlungu. Ndalemba mabwato 23 mwa 40, ndipo zimenezo ndakutumizirani pamodzi ndi imelo ino. Mphepo ikaleka pofika Lachinayi, lipoti lonse mulandira Lachiwiri likudzali, msonkhano wanu usanafike. Ikapitirira, ndikudziwitsani Lachisanu masana kuti mugamule ngati tigwiritse ntchito mabwato 23 omwewa. Pepani kuti pokonza ndondomeko sindinasiye masiku apadera, ngakhale ndimadziwa kuti ino ndi nyengo ya mwera."

Chiganizo chomalizacho ndi chimene chinandivuta kwambiri. Mphepo sinali mlandu wanga, koma kulonjeza Lachisanu mu Julayi, ngati kuti nyanja imamvera kalendala, kunali kulakwa kwanga.

Yankho linabwera m'mawa: "Zikomo pondiuza msanga. Ndayamba kale kugwiritsa ntchito zimene mwatumiza." Apo ndinazindikira kuti chimene chinawakhazika mtima pansi si mawu okoma ayi. Anali ndi manambala m'manja, tsiku loti aliyembekezere, ndiponso nthawi yokwanira yosintha mapulani zinthu zikavuta. Ndikanadikira mpaka Lachisanu, nthawi imeneyo ndikanawabera.

Mphepo inaleka Lachitatu usiku. Lachinayi m'bandakucha ndinali kale padoko ndi kope langa, kudikira nyali za mabwato kuti ziyandikire kumtunda. Lipoti ndinalitumiza Lolemba madzulo.